Zalakwika Pati, N'zazikulu Bwanji, Zoona N'ziti?

"Tapeza zolakwika zambiri m'lipoti lanu la mwezi wa Malichi. Chonde konzani msanga, ndipo muzisamala polemba." Pansi pake pali saini, chidindo ndi deti, basi kalata yatha.

Amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki akuidziwa kalata yotere. Ukailandira mtima umagunda, koma manja sadziwa pogwira. Zolakwikazo zili pa tsamba liti? Ndiyambe ndi chiti? Ndikachotsa nambala yolakwikayo, ndilembepo iti? Alendo amene anabwera kudzaunika mabuku anakhala masiku awiri akuwerenga, anatuluka thukuta, mafuta a galimoto anapsa, koma zonse zimene anapeza anabwerera nazo m'mitu mwawo. Kalalikiyo wangotsala ndi mantha komanso mulu wa makaundula.

Kalata imene imalembedwa anthu akamaliza kutsimikizira manambala, imene m'maofesi amangoti memo, imafunika kuyankha mafunso atatu pa cholakwika chilichonse: chili pati, n'chachikulu bwanji, ndipo nambala yoona ndi iti. Kwa ine, memo yabwino ndi imene munthu amene panalibe pa tsiku la kauniuniyo angaitenge, n'kutsegula buku, n'kuloza chala pamene palakwikapo, n'kukonza popanda kuimbira foni wolembayo. Zikumveka zophweka, koma funso lililonse mwa atatuwa lili ndi msampha wake.

Kuti tione bwino, tiyerekeze chipatala chaching'ono cha kumudzi. Chipatalachi n'chongopeka, ndipo manambala ake ndawapanga kuti akhale chitsanzo, koma njira imene manambala amayendamo ndi yeniyeni. Mwana akabwera kusikelo n'kulandira katemera, dzina lake limalowa m'kaundula. Mwezi ukatha, wina amawerenga m'kaundulamo n'kudzaza fomu ya lipoti la pamwezi. Lipotilo limapita ku ofesi ya zaumoyo ya paboma, ndipo manambala ake amalowetsedwa pa kompyuta mu DHIS2, pulogalamu imene inakonzedwa motsogozedwa ndi Yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umaigwiritsa ntchito. Choncho nambala imodzi imakhala malo atatu: m'kaundula, pa fomu, ndi pa kompyuta. Otsimikizira akabwera, ntchito yawo n'kuwerenganso m'kaundula mzere ndi mzere, kenako n'kufananitsa zimene apeza ndi zimene zinatumizidwa.

Pa chipatala chathu chongoyerekezachi, anaunika mwezi wa Malichi ndipo anapeza zinthu zisanu. Sitizitenga mwa ndondomeko, tizitola chimodzichimodzi pamene chikufunika.

Malo ake

Choyamba chikukhudza malungo. Pa kompyuta pakuoneka kuti ana osakwana zaka zisanu amene anapezeka ndi malungo anali 164. Powerenganso m'kaundula anapezeka 146. Wolemba memo waulesi angalembe kuti "nambala ya malungo ndi yolakwika," ndipo mkulu wa pachipatala angakalipire kalaliki wake. Koma otsimikizira atatenga kope la fomu imene inatsala pachipatalapo, anapeza kuti pamenepo palembedwa 146 bwinobwino. Ndiye kuti kalaliki wa pachipatala sanalakwitse. Cholakwika chinachitikira kuboma, pamene zala za wolowetsa manambala zinasinthanitsa 4 ndi 6.

Apa m'pamene tikuonera kuti "malo" ali ndi matanthauzo awiri, ndipo memo iyenera kunena onse. Pali malo amene cholakwikacho chikuonekera, monga dzina la fomu, mwezi, tsamba, mzere ndi bokosi. Palinso malo amene chinabadwira, kaya ndi pakati pa kaundula ndi fomu kapena pakati pa fomu ndi kompyuta. Malo oyambawo amauza munthu pokakonza, achiwiriwo amasonyeza amene ayenera kukonza. Pa nkhani ya malungoyi, kope la memo liyenera kufika kuboma, chifukwa pachipatala palibe chokonza.

Anthu owerengera ndalama ali ndi kanzeru kakale kothandiza pa zolakwika za mtundu umenewu. Manambala akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Chotsani 146 pa 164, mupeza 18. Chotsani 27 pa 72, mupeza 45. Ngakhale munthu akaonjezera ziro mwangozi, kulemba 500 m'malo mwa 50, kusiyana kwake ndi 450, ndipo nakonso kumagawika ndi 9. Si umboni wokwanira ayi, chifukwa nambala imodzi pa zisanu ndi zinayi zilizonse imagawika ndi 9 mwachibadwa. Koma kanzeruka kamakuuza poyambira kuyang'ana, ndipo nthawi zambiri kamapulumutsa theka la tsiku.

Polemba malo, muyeso wake ndi umodzi: kodi mlendo angafikepo? "M'kaundula wa katemera" n'chimodzimodzi kuuza munthu kuti m'bale wako amakhala ku Ndirande. Uyenera kunena kuti kaundula wa ana a sikelo, buku lachiwiri, tsamba 31 mpaka 33, tsiku la 14 Malichi. Ngati ndi pepala la pa kompyuta, unene dzina la fayilo, dzina la tsamba lake ndi bokosi lenilenilo, monga `D17`. Unenenso deti limene unatenga kopelo, poti fayilo imasintha. Wina akangoonjezera mzere umodzi pamwamba, `D17` ya dzulo imakhala `D18` lero, ndipo wokonza amakakonza nambala yosalakwa. N'chifukwa chake odziwa ntchito amalemba bokosi pamodzi ndi dzina la zimene zili m'bokosimo ndi nambala imene anaipezamo.

Chachikulu n'chiti?

Funso lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu ambiri, chifukwa maso amathamangira nambala yaikulu. Taonani zinthu zitatu izi za pachipatala chathu chija.

Odwala onse amene anabwera kudzalandira chithandizo n'kubwerera kwawo analembedwa 3,412, koma powerenganso anapezeka 3,380. Kusiyana ndi 32. Ana amene analandira katemera wa Penta wachitatu analembedwa 87, koma m'kaundula muli 62. Kusiyana ndi 25. Ndipo pa fomu ya uchembere, bokosi la amayi omwalira chifukwa cha pakati lili ndi 0, pamene kaundula wa kuchipinda chochilira akusonyeza mayi mmodzi. Kusiyana ndi 1.

Mukaziika motsatira kukula kwa nambala, 32 ikhala pamwamba, 1 pansi. Mndandanda woona ndi wotembenuza.

Njira yoyamba yoyezera imene azaumoyo amagwiritsa ntchito, ndipo ili m'malangizo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO okhudza kuunika manambala, n'kugawa nambala imene wawerenganso ndi nambala imene inatumizidwa. Zikafanana ndendende, yankho limakhala 1. Likachepera 1 ndiye kuti anatumiza zochuluka kuposa zenizeni, likaposa 1 anatumiza zoperewera. Kawirikawiri yankho la pakati pa 0.9 ndi 1.1 limatengedwa kuti ndi lovomerezeka. Odwala aja, 3,380 kugawa ndi 3,412, akupereka 0.99. Palibe chodetsa nkhawa: munthu wowerenga mizere yoposa 3,000 ndi maso sangalephere kudumphitsa kapena kubwereza ingapo. Malungo aja akupereka 0.89, angotuluka pang'ono kunja kwa mpanda. Katemera akupereka 0.71, ndipo apa pali vuto.

Koma masamuwa paokha sakwanira. Funso lenileni n'lakuti, kodi wina akakhulupirira nambala yolakwikayi, achita chiyani chimene sakanachita? Katemera wa Penta mwana amalandira katatu, ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Azaumoyo amafananitsa ana amene analandira woyamba ndi amene analandira wachitatu kuti adziwe ngati makolo akuleka panjira. Pachipatala chathu, woyamba analandira ana 80. Nambala yolakwika ya 87 ikunena kuti zonse zili bwino, mwinanso kuposa. Nambala yoona ya 62 ikunena kuti pali mpata wa ana 18, womwe ndi woposa 22 pa 100 alionse, pamene mpata ukangopitirira 10 pa 100 anthu amayamba kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Cholakwikachi chabisa chenjezo. Alangizi a zaumoyo amene akanalowa m'midzi kukafufuza ana osamaliza katemera akhala pansi, poti pepala lawauza kuti kulibe.

Tsono mayi mmodzi uja. Apa masamu ogawa sagwiranso ntchito n'komwe, chifukwa sungagawe nambala ndi ziro. Imfa ya mayi yokhudzana ndi pakati imayenera kunenedwa msanga, ndipo imaunikidwa payokha kuti zidziwike ngati anachedwa kunyumba, panjira kapena pachipatala. Bokosi likakhala ndi 0, kuunikako sikuchitika. Nambala yochepetsetsa pa memo yonse ndi imene ikuyenera kukhala pa mzere woyamba.

N'chifukwa chake memo iyenera kunena poyera muyeso umene yagwiritsa ntchito. Magulu atatu amakwana: chachikulu, chapakati, chaching'ono. Ena amakonda magulu asanu ndi mitundu ya utoto, koma ine ndimaona kuti akachuluka anthu amathera nthawi kukangana ngati kanthu kali m'gulu lachitatu kapena lachinayi. Chofunika n'chakuti gulu lililonse likhale ndi tanthauzo lolembedwa ndi nthawi yake. Mwachitsanzo, chachikulu ndi chimene chikusintha chiganizo kapena chikukhudza moyo wa munthu, ndipo chikonzedwe pasanathe masiku awiri. Chapakati ndi chimene chatuluka kunja kwa 0.9 ndi 1.1 koma sichikusintha chiganizo, chikonzedwe lipoti lotsatira lisanapite. Chaching'ono chingolembedwa kuti chidziwike. Masikuwo ofesi iliyonse imasankha yokha. Choipa n'kusankha muyeso utaona kale zotsatira, chifukwa pamenepo mtima umayamba kukomera anzako.

Pali chinanso chimene chimakweza cholakwika: kaya ndi ngozi ya tsiku limodzi kapena chizolowezi. Otsimikizira atafufuza ana 25 oonjezera aja, anapeza kuti ndi ana amene anabayidwa ku sikelo ya kumudzi pa 14 Malichi. Mlangizi anawalemba pa pepala lake, atabwerera anawakopera m'kaundula wamkulu, ndipo wodzaza fomu anaphatikiza kaundulayo ndi pepala lija. Ana omwewo anawerengedwa kawiri. Ngati amachita choncho mwezi ndi mwezi, ndiye kuti Januwale ndi Febuluwale nawonso ali ndi nthenda yomweyo, ndipo Epulo adzaitengera.

Phunziro lochokera ku America

Kuti muone kuti kuika zolakwika m'magulu si nkhani ya makalaliki a kumudzi okha, pali nkhani yeniyeni imene inagwedeza akatswiri a zachuma. Mu 2010, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff anatulutsa kafukufuku wokhudza ngongole za maboma. Poona mayiko 20 olemera kuyambira 1946 mpaka 2009, anapeza kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pa chaka, chumacho chimaleka kukula, ndipo avereji yake inali -0.1 peresenti. Andale a ku America ndi ku Ulaya amene ankafuna kuti maboma achepetse ndalama zogwiritsa ntchito anaitchula kwambiri nambalayi.

Wophunzira wina wa pa Yunivesite ya Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, anayesa kubwereza masamuwo ngati ntchito ya m'kalasi, koma sankatuluka. Atapempha, eni ake anamutumizira fayilo yawo ya Excel. Mu Epulo 2013, iye ndi aphunzitsi ake Michael Ash ndi Robert Pollin anatulutsa zimene anapeza, ndipo anachita zinthu zitatu zomwe tikukambazi.

Malo anawatchula ndendende. Lamulo lopezera avereji linathera pa mzere 44 m'malo mwa mzere 49:

```
=AVERAGE(L30:L44)
=AVERAGE(L30:L49)
```

Mizere isanu imene inatsala kunja inali ya Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Nambala yokonzedwa anaiperekanso: m'malo mwa -0.1, iwo anapeza 2.2 peresenti. Chuma chimakulabe, ngakhale pang'onopang'ono poyerekeza ndi mayiko a ngongole zochepa.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi gawo la kukula kwa zolakwika. Nyuzipepala za dziko lonse zinakondwera ndi nkhani ya Excel, poti ndi yosavuta kumva ndipo imaseketsa kuona akatswiri akupunthwa pa kanthu ka mwana wasukulu. Koma malinga ndi kuwerengera kwa atatuwo, mizere isanu ija inangosintha yankho ndi 0.3 basi. Mbali yaikulu inachokera kwina: zaka zina zoyambirira nkhondo yachiwiri itangotha za mayiko a Australia, Canada ndi New Zealand sizinalowe m'masamu, ndipo dziko lililonse linapatsidwa mphamvu yofanana posatengera kuchuluka kwa zaka zake. Motero chaka chimodzi cha New Zealand, 1951, pamene chuma chinatsika ndi 7.6 peresenti, chinalemera mofanana ndi zaka 19 za Britain. Reinhart ndi Rogoff anavomera cholakwika cha Excel, koma anatsutsa zinazo, ponena kuti panalibe chimene anasiya mwadala ndipo njira yawo yopezera avereji inali yovomerezeka.

Pali zinthu ziwiri zimene wolemba memo angatole apa. Cholakwika chochititsa manyazi kwambiri si ndiye cholemera kwambiri, ndipo njira yodziwira ndi kukonza chimodzichimodzi n'kuona kuti yankho lasuntha motani. Chinanso n'chakuti memo isasakanize zinthu zimene palibe angatsutse, monga mzere wodumphidwa, ndi zinthu zimene anthu awiri odziwa ntchito angasiyane maganizo. Zoyambazo ndi zolakwika ndipo zili ndi nambala yokonzedwa. Zachiwirizo ndi mafunso, ndipo zilembedwe padera. Ukazisakaniza, wolandira memo amagwira chotsutsikacho n'kukanira nacho zonse.

Nambala yoona iyenera kukhala ndi kwawo

Tibwerere kuchipatala chathu. Kulemba kuti "nambala yoona ndi 62" n'kosakwanira ngati sunanene kumene 62 wachokera. Wolandira memo ali ndi ufulu wofunsa kuti, bwanji ndikhulupirire 62 wanu osati 87 wanga? Otsimikizira nawonso ndi anthu, maso awo amatopa. Choncho pambali pa nambala yokonzedwa pamakhala gwero lake ndi mmene inapezekera: yawerengedwa m'kaundula, tsamba lakuti mpaka lakuti, ndi anthu awiri aliyense payekha, ndipo anagwirizana. Akale anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ngati awiriwo asiyana, amawerenganso mpaka agwirizane, ndipo ndi bwino kuti mwini kaundula akhale pomwepo, chifukwa iye amadziwa zimene mlendo sangadziwe, monga kuti buku lina lili m'chikwama cha mlangizi amene wapita kumudzi.

Mzere wa katemera m'memo ungaoneke motere. Nambala 2. Malo: fomu ya katemera ya Malichi, mzere wa Penta 3, ana osakwana chaka, chiyambi chake ndi podzaza fomu. Zinalembedwa 87, zoona ndi 62. Gwero: kaundula wa sikelo, buku lachiwiri, tsamba 24 mpaka 38. Chifukwa: ana 25 a sikelo ya kumudzi ya pa 14 Malichi, tsamba 31 mpaka 33, awerengedwa kawiri. Kukula: chachikulu, poti chabisa mpata wa ana 18. Wokonza: mkulu wa pachipatala pa fomu, ofesi ya paboma pa kompyuta.

Onani kuti dzina la munthu wolakwitsa palibe. Si chifundo chabe ayi. Memo imene imasaka munthu imaphunzitsa anthu kubisa mabuku ulendo wotsatira. Komanso mayina a odwala salowa m'memo. Mayi womwalira uja amadziwika ndi nambala ya mzere ndi tsamba la kaundula basi, poti memo imadutsa m'manja ambiri.

Nambala imakhalanso ndi ana ake. Ngati 87 analowa m'lipoti la miyezi itatu, ndiye kuti chiwerengero cha miyezi itatuyo chalakwikanso. Tinene kuti Januwale anali 70 ndipo Febuluwale 66. Lipoti linati 223. Tikakonza Malichi tipeza 198. Memo iyenera kutchula zimenezi, apo ayi fomu idzakonzedwa koma tchati chopachikidwa pakhoma chidzapitiriza kunama chaka chonse. Koma apa pafunika kusamala. Otsimikizira anawerenga Malichi yekha. Ngati kuwerenga kawiri kuja n'chizolowezi, 70 ndi 66 nawonso ndi okayikitsa. Choncho 198 alembedwe ndi chenjezo lakuti ndi wongogwirizira mpaka miyezi iwiriyo itawerengedwanso. Ichi n'chifukwa chake pamwamba pa memo pamayenera kukhala mawu onena malire a kauniuniyo: mwezi uti, mafomu ati, mabuku ati. Popanda mawuwo, wowerenga amaganiza kuti chilichonse chimene sichinatchulidwe ndi cholondola, pamene mwina sichinayang'anidwe n'komwe.

Nanga kakonzedwe kake? Pa pepala, lamulo ndi lakale: lemba mzere umodzi wodutsa pa nambala yolakwikayo kuti izionekabe, lemba yoona pambali, sainira, ika deti ndi nambala ya memo. Tipekisi ayi. Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Pa 3 Febuluwale 2020, majaji asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, ndipo china mwa zimene anatchula chinali mafomu a zotsatira ofufutidwa ndi tipekisi. Vuto la tipekisi n'lakuti ngakhale wofufutayo akhale ndi mtima woyera, wachotsa njira yoti wina adzaone chimene chinalipo poyamba. Pa kompyuta n'chimodzimodzi: amene amangolemba nambala yatsopano pamwamba pa yakale, osasunga kope kapena kusiya mawu ofotokoza, wapaka tipekisi wosaoneka.

Maonekedwe a memo yonse sindichedwapo. Pamwamba, wolandira, wolemba, deti ndi mutu. Kenako ndime imodzi ya bwana wotanganidwa amene sawerenga kupitirira apo: taunika mafomu akuti a Malichi, tapeza zinthu zisanu, ziwiri zazikulu, chimodzi chapakati, chimodzi chaching'ono, chimodzi chosatsimikizika, ndipo chofunika lero n'kunena imfa ya mayi imene sinatumizidwe. Pansi pake tebulo, zazikulu pamwamba, mzere uliwonse cholakwika chimodzi chokhala ndi nambala yakeyake kuti pa foni anthu azingoti "nambala 2 takonza." Ndi bwinonso kutchula zimene zinapezeka zolondola, osati pofuna kusangalatsa anthu, koma kuti asazigwire. Masamba awiri amakwana. Makope a masamba a kaundula apite kumapeto.

Chachisanu chija

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene chimayesa wolemba memo. Fomu ya sikelo ya amayi oyembekezera inati amene anabwera koyamba m'Malichi anali 54. Otsimikizira atawerenga anapeza 41. Koma poyang'ana manambala a masamba, anaona kuti kuchoka pa tsamba 17 buku likulumphira pa tsamba 20. Pepala limodzi, la tsamba 18 ndi 19, linathothoka, ndipo masiku a pakati pa 9 ndi 13 Malichi kulibe.

Chiyeso chake n'chachikulu. Tebulo lili ndi bokosi la nambala yoona, ndipo bokosi lopanda kanthu limaoneka ngati ntchito yosamaliza. Wina angalembemo 41, poti ndi amene wawerenga. Koma 41 si nambala yoona, ndi nambala ya masamba amene apezeka. Wina angasiye 54 n'kunena kuti amayi 13 osowawo ayenera kuti ali pa pepala lotayikalo. Mwinadi ali pomwepo, koma palibe wawaona. Kulemba iliyonse mwa ziwirizi n'kupatsa chidindo nambala imene sinatsimikizidwe, ndipo ikangotuluka m'memo ya otsimikizira palibenso adzaikayikire.

M'bokosimo mulembedwe kuti "sizinatsimikizike," ndipo pambali pake pakhale zimene zikudziwika: 41 awerengedwa pa masamba amene alipo, 13 alibe umboni, tsamba 18 ndi 19 likusowa. Kenako memo iloze kumene umboni wina ungapezeke. Mayi akabwera kusikelo koyamba amayezedwa magazi, choncho kaundula wa zoyeza angasonyeze amene anabwera masiku asanuwo. Ngati amayiwo amapatsidwa masikito pa ulendo woyamba, buku logawira masikito lingathandizenso. Pa kompyuta 54 akhale momwemo osasinthidwa, koma ndi chizindikiro chakuti akufufuzidwa. Mzerewo upatsidwe munthu woutsatira ndi tsiku lobweretsa yankho, ndipo memo yotsatira idzayambire pa nambala 5 imeneyi: kaya pepala lija linapezeka kuseri kwa kabati, kaya mabuku enawo anapereka amayi 13, kapena 9 okha.